Foni ya pa eBay yandikhumudwitsa: ndilembe ndemanga yanji?

Funso: Ndimakhala ku Leicester, ku England. Ndinagula foni yogwiritsidwapo ntchito kale, iPhone 11, pa msika wa pa intaneti wa eBay pa mtengo wa £140 kuti nditumizire mayi anga ku Mchinji. Wogulitsa analemba kuti batire lake ndi labwino kwambiri, koma itafika ndinapeza kuti mphamvu yake yosunga moto inatsika kufika pa 76 peresenti ndipo silifika madzulo. Nditamulembera anapepesa, akuti sanayang'ane, ndipo wati andibwezere £15 kapena ndibweze foniyo. Papita masiku 9 chifikireni. Ndi munthu wamba, ndemanga zake ndi ngati 40 basi. Ndilembe ndemanga yoipa, yapakatikati, kapena ndingokhala chete? Mtima ukundiwawa koma sindikufuna kumuwonongera.

Yankho: Achemwali, lero musalembe chilichonse. Ndemanga ikhoza kudikira, pakuti eBay imapatsa wogula masiku 60 oti alembe. Chimene sichingadikire ndi ndalama zanu. Ndondomeko yawo yoteteza ogula, imene pa tsamba lawo imatchedwa Money Back Guarantee, imakupatsani masiku 30 kuchokera tsiku limene katundu anafika kuti munene kuti sakufanana ndi zimene zinalembedwa. Kwa inu kwatsala masiku 21. Muyambe mwakonza za foniyo, ndipo mmene wogulitsayo achitire pa nkhaniyi ndi zimene zikuuzeni ndemanga yoyenera.

Ambiri amachita mosemphanitsa. Foni ikangowakhumudwitsa amathamangira kulemba ndemanga yaukali, kenako n'kumakapempha ndalama. Zikatere wogulitsa amakhala kuti chimene amachiopa chamugwera kale, ndiye amangochita zokhazo zimene malamulo akumukakamiza, ndipo nthawi zina amazichita mochedwa dala. Komanso ndemanga ikalembedwa simungaifufute nokha. Mungathe kuwonjezerapo mawu pansi pake, koma chizindikiro chija chimakhala momwemo pokhapokha wogulitsa atakutumizirani pempho loti musinthe.

Za ndalamazo, yambani ndi umboni. Lowani pa Settings, kenako Battery, kenako Battery Health, ndipo jambulani pamene palembedwa Maximum Capacity kuti 76 uja aoneke bwino. Jambulaninso tsamba limene wogulitsa anatsatsira foniyo, makamaka mzere wonena za batire. A Apple eni ake amanena kuti batire la mafoni a m'badwo umenewu linapangidwa kuti lizisunga pafupifupi 80 peresenti ya mphamvu yake likatchajidwa kudzadza maulendo 500, ndipo likatsika kufika pansi pamenepo foniyo imayamba kuonetsa uthenga woti batire likufunika kusinthidwa. Ndiye batire la 76 peresenti si lotheratu, foni imayaka ndithu, koma palibe munthu wodziwa mafoni amene angalitche labwino kwambiri. Apa pali kusiyana kwenikweni pakati pa zimene zinalembedwa ndi zimene munalandira, ndipo mukutha kukuonetsa ndi nambala. Si nkhani yoti mtundu wa foniyo sunakusangalatseni.

Muli pomwepo, yang'ananinso pa Settings, General, About, mupeze mzere wonena ngati foniyo inamangidwa ku kampani imodzi ya mafoni. Pakuyenera kulembedwa No SIM restrictions. Ngati ndi yomangidwa, mayi sadzatha kuikamo simu ya TNM kapena ya Airtel, ndipo vuto limenelo ndi lalikulu kuposa la batire. Ndikunena izi chifukwa foniyo ikangolowa m'chikwama cha munthu wopita kumudzi, nkhani yobweza yatha. Palibe amene adzaibweretsenso ku Leicester masiku 21 asanathe.

Tsono £15 ija. Musaivomere musanafunse pa shopu yokonza mafoni ya kufupi ndi kwanu kuti kusintha batire la foni imeneyi ndi ndalama zingati. Mukapeza kuti mtengowo ukuposa £15, monga ndikuyembekezera, mulembereni wogulitsayo mwaulemu kuti mwafunsa, mtengo wake ndi wakuti, ndipo mukupempha kuti akubwezereni yokwanira kusinthira batire, apo ayi mubweza foniyo. Makambirano onse achitikire m'mauthenga a pa eBay, osati pa WhatsApp, kuti pakhale poonekera ngati pangadzafunike woweruza. Mukasankha kubweza, tsegulani pempho lobweza katundu pa eBay pomwepo n'kusankha chifukwa chakuti katunduyo sakufanana ndi zimene zinalembedwa. Pa chifukwa chimenechi ndalama ya positi amalipira ndi wogulitsa, ngakhale atakhala kuti analemba pa tsamba lake kuti salandira zobwezedwa. Amakhala ndi masiku atatu ogwira ntchito kuti ayankhe, ndipo akapanda kutero mumapempha a eBay kuti alowererepo. Dziwaninso kuti mukavomera ndalama yochepa ija kudzera mu pempholi, nkhani imatsekedwa ndipo simungaitsegulenso. N'chifukwa chake ndikuti muyambe mwafunsa mtengo wa batire.

Chinthu chimodzi musachichite m'mauthengawo: musatchule za ndemanga. Kulemba kuti "mukapanda kundiwonjezera ndalama ndikulemberani yoipa" ndi kuopseza, ndipo malamulo a eBay amaletsa kugwiritsa ntchito ndemanga pofuna kufinya wogulitsa kuti apereke zimene sizinali pa mgwirizano. Wogulitsa akakanena, ndemanga yanu ikhoza kuchotsedwa ndipo akaunti yanu ikhoza kulandira chenjezo. N'chimodzimodzinso iye akanena kuti "ndikubwezerani ndalama mukayamba mwalemba yoyamikira". Musavomere. Ndalamazo ndi zanu kale chifukwa katunduyo sanali mmene analembera, sizikufunika kugulidwa ndi mawu okoma.

Tibwere ku ndemanga yeniyeniyo. Kuti musankhe bwino muyenera kudziwa chimene chilichonse mwa zitatuzo chimachita. Pa sikirini mudzaona Positive, Neutral ndi Negative, kutanthauza yoyamikira, yapakatikati ndi yoipa. Yoyamikira imawonjezera 1 pa nambala imene imaoneka pafupi ndi dzina la wogulitsa, yoipa imachotsapo 1, yapakatikati siisintha. Palinso peresenti ija imene ogula ambiri amayang'ana poyamba. Imawerengedwa kuchokera pa ndemanga za miyezi 12 yapitayi: zoyamikira zimagawidwa ndi zoyamikira kuphatikiza zoipa. Zapakatikati sizilowa m'masamu amenewa.

Titenge wogulitsa wanuyu. Ngati ndemanga zake 40 zonse ndi zoyamikira ndipo zinalembedwa m'miyezi 12 yapitayi, panopa ali pa 100 peresenti. Mukalemba yoipa, akhala ndi 40 pa 41, kumene ndi 97.6 peresenti. Koma anthu wamba ambiri amagulitsa apo ndi apo, kotero mwina mwa 40 zija, 12 zokha ndi za chaka chino. Zikatero yoipa yanu imodziyo imufikitsa pa 12 pa 13, kumene ndi 92.3 peresenti, ndipo pa msika umene ogulitsa ochuluka ali pa 99 kapena 100, munthu wa 92 amaoneka ngati woopsa. Chipseracho chidzakhala pa peresenti yake chaka chathunthu. Shopu yaikulu ya ndemanga 5,000 pa chaka singamve n'komwe yoipa imodzi. Ndiye nkhawa yanu yoti mungamuwonongere ndi yomveka, ndipo ndi bwino kuti mwaiganizira.

Koma pali munthu wina amene simunamutchule m'kalata yanu, ndipo ndi amene ndemanga imalembedwera. Ndi wogula wa mwezi wamawa, mwina mnzathu wina amene wasonkhanitsa ndalama za mashifiti ausiku kuti agulire kholo lake foni. Iye alibe njira ina yodziwira ngati mawu a wogulitsayu ndi odalirika kupatula zimene inu ndi ogula anzanu mwalemba. Wolemba ndemanga ali ngati mboni pabwalo la amfumu: sanaitanidwe kudzapereka chilango kapena kudzamvera chisoni woimbidwa mlandu, anaitanidwa kudzanena zimene anaona. Mukaiona motero, funso limachoka pa kuwawa kwa mtima wanu n'kufika pa zinthu ziwiri zimene mungathe kuziyeza. Choyamba, kodi zimene analemba zinasiyana bwanji ndi zimene anatumiza? Chachiwiri, atauzidwa anachitapo chiyani?

Pa choyambacho tagwirizana kale kuti analakwa, ndipo analakwa pa chinthu chachikulu. Kwa mayi a ku Mchinji batire si nkhani yaing'ono. Kumene magetsi amathimathima, kapena kumene foni imakatchajidwa pa sola ya oyandikana nawo kapena pa tauni, foni yosafika madzulo ndi foni imene mudzaiimbira n'kupeza yazima. Mawu oti sanayang'ane samuchotsera kulakwa, chifukwa ngati sanayang'ane sanayenera kulemba kuti ndi labwino kwambiri. Kuyang'anako kumatenga theka la mphindi. Pa chachiwiricho, mpaka pano wachita bwino: anayankha, anapepesa, sanakutsutseni, ndipo anapereka yekha mwayi wobweza foniyo.

Maganizo anga ndi akuti, ngati asunge mawu ake, lembani yapakatikati. Imeneyi ndi nkhani yeniyeni imene ndemanga yapakatikati inapangidwira: malondawo sanayende bwino, koma wogulitsa sanathawe. Siigwetsa peresenti yake, koma imaoneka pa tsamba lake, ndipo wogula wosamala amayamba kuwerenga zapakatikati ndi zoipa asanawerenge zoyamikira, poti zimakhala zochepa ndipo ndi zimene zimanena kanthu. Yoyamikira sindingakulangizeni, ngakhale atakubwezerani ndalama zonse mawa m'mawa. Kubweza ndalama kwakonza thumba lanu, koma sikunasinthe zoti anatsatsa batire lotopa ngati labwino, ndipo inu mwataya masabata awiri kapena atatu, mwina mwaphonyanso munthu amene akanakutengerani foniyo kumudzi.

Yoipa muisungire zinthu zolemera kuposa izi, ndipo zikachitika musaope kuilemba. Ngati mutatsegula pempho lobweza iye n'kungoti zii mpaka a eBay kulowererapo, imeneyo ndi yoipa. Ngati atayamba kunena kuti mwawononga nokha batirelo, kapena kukulemberani zachipongwe, ndi yoipanso. Palinso chizindikiro china chofunika kuchifufuza musanasankhe. Pitani pa ndemanga zake zakale muone ngati pali wina amene anadandaulapo zofanana, ngakhale mkati mwa ndemanga yoyamikira, monga "foni ndi yabwino koma batire silikhalitsa". Onaninso ngati akugulitsa mafoni ena ndi mawu omwewo onena za batire. Munthu amene wagulitsa mafoni asanu kapena khumi ndipo onse akuti batire ndi labwino kwambiri si munthu amene anangoiwala kuyang'ana. Ndi chizolowezi chake, amadalira kuti ambiri sadzadandaula, ndipo wodandaula amamutseka pakamwa ndi £15. Mukapeza zotere, yoipa ndi yoyenera ngakhale akupepesa mokoma bwanji. Ndipo foniyo mukaibweza, dzaoneni pakapita masiku ngati waitsatsanso ndi mawu akale aja. Masiku 60 aja amakupatsani mpata woona zimenezi. Akaitsatsanso atalemba 76 peresenti poyera, mwadziwa kuti kunali kulakwitsa chabe.

Ena amaopa kuti akalemba yoipa wogulitsa adzawabwezera yoipanso. Kale zinkachitikadi, koma kuyambira mu 2008 ogulitsa pa eBay saloledwa kulembera ogula ndemanga yoipa kapena yapakatikati. Chimene angathe ndi kuyankha pansi pa ndemanga yanu, komanso kukutsekerani kuti musadzagulenso kwa iye. Zonsezi sizikupwetekani.

Nanga kukhala chete? Kuli ndi malo ake, koma ndi ochepa kuposa mmene anthu amaganizira. Khalani chete pamene vuto silinachokere kwa wogulitsa. Mukanakhala kuti munagula foni ya 64GB mukuganiza kuti ndi ya 128GB, pamene tsamba linalemba bwinobwino, kukhumudwako ndi kwanu ndipo wogula wamawa sikumukhudza. Chimodzimodzi ngati wogulitsa anatumiza pa nthawi yake koma a positi n'kuchedwetsa, kapena ngati analemba poyera kuti batire ndi lotopa inu n'kugula poona kutchipa. Khalaninso chete pamene simukudziwa chenicheni chimene chinachitika, monga foni imene inagwira bwino masabata atatu kenako n'kufa, osadziwika ngati inali ndi vuto kale kapena inagwa. Mboni yosaona bwino ndi bwino isalankhule.

Nkhani yanu si yotero. Inu mukudziwa chimene chinalembedwa ndi chimene chinafika. Mukakhala chete, tsamba la wogulitsayu lidzapitiriza kuonetsa 100 peresenti popanda chilichonse chochenjeza, ngati kuti malonda anu sanachitike. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene manambala a pa misika ya pa intaneti amakhalira okwera kwambiri chonchi: wokondwa amalemba, koma wokhumudwa pang'ono amangochokapo mwakachetechete poopa kuoneka wovuta. Ife tinaleredwa kuti munthu akapepesa nkhani ithe, ndipo ndi khalidwe labwino. Koma kumukhululukira ndi nkhani ya inu ndi iye, pamene kunena zimene zinachitika ndi nkhani ya inu ndi wogula wotsatira. Mukhoza kuchita zonse ziwiri.

Mawu a ndemangayo ndi ofunika kuposa chizindikiro chake. Yapakatikati yongoti "zinali choncho" sithandiza aliyense. Lembani zinthu zitatu zokha: zimene analonjeza, zimene munapeza, ndi mmene zinathera. Mudzalemba m'Chingerezi kuti ogula akumeneko amve, koma mfundo yake ikhale iyi: "Tsamba linati batire ndi labwino kwambiri. Foni inafika ndi batire la 76 peresenti. Wogulitsa anayankha msanga, anapepesa, ndipo anandibwezera ndalama zonse nditabweza foniyo." Wowerenga aliyense aphunzirapo kuti munthuyu sathawa, koma ndi bwino kumupempha chithunzi cha batire musanalipire. Zabwino zimene anachita muzilembe ndithu, chifukwa nazonso ndi zoona.

Musamutche wakuba kapena wachinyengo. Simukudziwa zimene zinali mumtima mwake, mukudziwa nambala imene inali pa sikirini. Ku England lamulo la Defamation Act la mu 2013 limateteza munthu amene wanena zoona ndiponso amene wapereka maganizo ake moona mtima pa zinthu zimene zinachitikadi, koma kunena kuti munthu ndi mbava popanda umboni ndi kudziika pa ngozi yosafunika. Musalembenso dzina lake lenileni, adiresi yake kapena nambala yake ya foni, ndipo musatukwane. Ndemanga zotere a eBay amazichotsa, ndipo ikachotsedwa chenjezo lanu lonse lapita nayo limodzi.

Pansi pa ndemanga mudzapezanso nyenyezi, kuyambira imodzi mpaka zisanu, pa zinthu zinayi: kufanana kwa katundu ndi zimene zinalembedwa, kulankhulana, kufulumira kwa kutumiza, ndi mtengo wa positi. Apa ndi pamene mungalekanitse bwino zinthu. Pa kufanana kwa katundu mupatseni ziwiri, chifukwa foniyo ndi yomwe ija ndipo ikugwira ntchito, koma mfundo yaikulu inali yabodza. Pa kulankhulana mupatseni zisanu ngati apitirize mmene wayambira. Ngati inafika pa nthawi yake, pa kutumiza napo zisanu. Anthu okwiya amangoika imodzi paliponse, ndipo zikatero nyenyezizo sizinenanso chilichonse.

Mukalemba, mwina adzakutumizirani pempho loti musinthe ndemangayo. Wogulitsa amaloledwa kutero pasanathe masiku 30 ndemanga italembedwa, ndipo inu mumakhala ndi masiku 10 oti muvomere kapena mukane. Simukakamizidwa. Dzifunseni ngati pali chatsopano chimene chachitika chilembereni ndemangayo. Ngati munalemba yoipa chifukwa anasowa, kenako n'kudziwika kuti anali m'chipatala ndipo atatuluka anakubwezerani zonse, kuisintha kukhala yapakatikati n'koyenera. Ngati chatsopano ndi madandaulo okha oti malonda ake atsika, kanani mwaulemu, mumuuze kuti mwalemba zimene zinachitika ndipo zabwino zake mwazitchulanso.

Pa foniyo, ine ndikanaibweza. Kusintha batire ku shopu kumafuna kuti mudziwe mtundu wa batire limene akuikamo, ndipo iPhone 11 ikaikidwa batire losachokera kwa Apple imaonetsa uthenga woti sikulizindikira. Mayi akadzauona uthengawo ku Mchinji adzayesa foni yawonongeka. Tsegulani pempho lobweza sabata ino, tulutsani akaunti yanu ya Apple mufoniyo n'kuifufuta yonse, itumizeni pa positi imene ili ndi nambala yolondolera, ndipo sungani risiti mpaka £140 yanu italowa. Pogula ina, pemphani chithunzi cha Battery Health ndi cha mzere wa No SIM restrictions musanalipire.